Mafunso ndi mayankho: lebo, sikelo ndi katoni, kuti phasulo isabwezedwe pa kauntala

Awa ndi mafunso omwe amabwerabwera kwa ife ogulitsa tinthu tating'onoting'ono, zitenje, zikwama, nsapato, mafuta odzola, madengu, kaya mukutumiza pa Mzuzu pompa kaya kwa kasitomala wa ku Joni kapena ku UK. Mayankho ambiri akuzungulira pa chinthu chimodzi, zomwe mwalemba pa lebo ndi pa fomu zizifanana ndendende ndi katoni yomwe mwamata kale. Osati katundu ali m'manja, ayi, katoni yomata.

Katundu wanga ndi wopepuka, 2 kilo basi, koma a kuriya anditchaja ngati 6 kilo. Andibera?

Sanakubereni, ndipo funso ili ndi lomwe limadyetsa anthu ambiri phindu ndiye tiyeni tikhalepo pang'ono. Makampani otumiza pa ndege amawerengera kulemera kuwiri. Koyamba ndi kwa pa sikelo komwe tonse timakudziwa, kachiwiri ndi kwa malo omwe katoni ikutenga mu ndege kapena mu galimoto. Amawerengera zonse ziwiri kenako mumalipira chomwe chakula. Chifukwa chake n'chomveka, ndege imadzadza ndi malo isanadzadze ndi kulemera, ndiye katoni ya mapilo ikatseka malo a katoni ya mabuku iwowo sangalole kuluza.

Kawerengedwe ka DHL Express ndi makampani ena ambiri a ndege ndi aka, miyeso yonse mu masentimita:

```
mulitali x mulifupi x msinkhu / 5000 = makilo
```

Titenge chitsanzo. Mayi wosoka ku Lilongwe wapeza oda ya zikwama za chitenje 6 zopita ku Johannesburg. Wapempha katoni pa golosale ya pafupi, waika zikwama, malo otsalawo wadzadza ndi nyuzi, pa sikelo yakwana 2.3 kilo. Katoniyo ndi 40 ndi 30 ndi 25. Tikachulukitsa 40 x 30 x 25 tikupeza 30,000, kugawa ndi 5000 ndi 6 kilo. Ndiye mayiyu alipira 6 kilo pomwe iye anauza kasitomala mtengo wa 2.5 kilo, kusiyanako kuchoka m'thumba mwake, ndipo nthawi zambiri ndi phindu lonse la zikwama zija.

Tsopano zikwama zomwezo azipinde bwinobwino, zingwe alowetse mkati, aziike mu katoni ya 35 ndi 25 ndi 15. Apa 35 x 25 x 15 ndi 13,125, kugawa ndi 5000 ndi 2.6 kilo ndi kenakake. Makampani ambiri amakweza kufika pa theka la kilo lotsatira, ndiye alipira 3 kilo. Katundu yemweyo, kasitomala yemweyo, makilo olipira atsika ndi theka chifukwa cha katoni basi.

Nambala ya 5000 ija si ya aliyense. Ena amagawa ndi 6000, ena a pamsewu ndi 4000, ndipo a kuriya ena a m'dziko momwe muno amangoika pa sikelo kapena kungoyang'ana kukula n'kutchula mtengo. Funsani pa kauntala kuti inu mumagawa ndi zingati, mulembe penapake, musamangoganizira.

Nanga ngati ndilibe katoni yaing'ono?

Dulani yomwe muli nayo. Ikani katundu, onani pomwe wathera, siyani malo a zotetezera pamwamba, kenako ng'ambani makona anayi onse ndi mpeni kuchokera pamwamba kufika pamenepo. Mkati mwa katoni kandani mzere wowongoka ndi kumbuyo kwa mpeni, osaboola, kuti ipindike bwino, pindani n'kumata. Katoni ya 40 ndi 30 ndi 25 ija mukaitsitsa msinkhu kufika 12 ikubwera pa 2.9 kilo, mphindi zisanu za ntchito.

Zinthu zosasweka monga zitenje, madilesi, masikafu, sizifuna katoni n'komwe. Thumba la pulasitiki lolimba la a kuriya lija limakwana, bola mufinye mpweya wonse musanamate. Madengu ndi zipewa ndiye amavuta, n'zopepuka koma zimadya malo, ndiye lowetsani laling'ono mu lalikulu ndipo mtengo wotumizira muziuwerengera musanalonjeze kasitomala.

Ndiyeze bwanji katoni kuti miyeso yanga ifanane ndi yawo?

Yezani mutamata kale, kunja kwake, pa malo otambalala kwambiri. Manambala osindikizidwa pansi pa katoni musawakhulupirire chifukwa kawirikawiri amakhala a mkati, komanso katoni ikagwirapo ntchito imasintha. Tepi ya telala imagwira ntchito koma muikoke iwongoke, isamatsatire mimba ya katoni. Ngati katoni yatupa pamwamba, goneka rula kapena kathabwa pa chotupacho n'kuyeza kuchokera pa tebulo kufika pa rulayo, chifukwa makina a ku depoti amaona pomwe patukuka kwambiri osati m'mbali momwe mwaphwa.

Musaone ngati masentimita atatu ndi zachibwana. Katoni ya mayi uja ya 35 ndi 25 ndi 15, akaikakamiza mpaka chivundikiro kutupa kufika 18, ikhala 35 x 25 x 18, ndiye 15,750, kugawa ndi 5000 ndi 3.15, yadumpha kale 3 kilo yalowa pa 3.5. Mukapeza 24.3 lembani 25, muzikwezera m'mwamba nthawi zonse. Thumba lofewa muligoneke pa tebulo muyeze pomwe lanenepa kwambiri.

Chinanso, pa fomu ya pa intaneti onani ngati palembedwa cm kapena in, kg kapena lb. Kasitomala wa ku America akakutumizirani lebo yake nthawi zambiri imakhala mu mainchi ndi mapaundi. Inchi imodzi ndi 2.54 sentimita, kilo imodzi ndi mapaundi 2.2, mukasokoneza apa lebo yonse yalakwika.

Sikelo yabwino ndi iti? Ndili ndi yoyezera thupi yokha.

Yoyezera thupi siithandiza pa tinthu ta 1 kilo kapena 2 kilo, imaphonya kwambiri. Ya katundu wamng'ono gulani sikelo ya kukhitchini ya manambala, ija imafika 5 kilo n'kumawerenga magalamu. Katundu wamkulu sikelo yopachika ya manambala imagwira, mangani katoni ndi chingwe muikoleke, dikirani isiye kugwedezeka. Ya sipuling'i yogulira chimanga ija ikakalamba imanama ndiye musaidalire pa katundu wa ndege.

Kuti mudziwe ngati sikelo ikunena zoona ikanipo paketi ya shuga ya 1 kilo yosatsegula, iwerenge 1 kilo kapena kupyola pang'ono chifukwa cha pepala. Muiike pa simenti kapena pa tebulo lolimba, osati pa mphasa kapena pa bedi. Batire ikayamba kutha manambala amavinavina, isintheni.

Ndipo muyeze komaliza. Katoni, nyuzi, pulasitiki wa timabaluni, selotepi, kapepala kothokoza kasitomala, zonsezi zili ndi kulemera kwake, katoni yapakatikati payokha imatha kukwana magalamu mazana angapo. Munthu amayeza dilesi n'kupeza 900 magalamu, amauza kasitomala mtengo wa 1 kilo, akamata yakwana 1.2.

Ndikalemba kulemera kochepa pang'ono adziwa?

Adziwa. Phasulo imayezedwanso pa kauntala kapena ku depoti, ndipo zikasiyana mwina amakuimbirani kuti mudzawonjezere ndalama katundu ataima, mwina amadula pa akaunti yanu, mwina amakatchaja wolandira. Yomalizayi ndi yowawa kwambiri, kasitomala amene analipira kale kuuzidwa kuti awonjezere, sabweranso ameneyo. Lembani zoona.

Pa lebo ya m'Malawi momwemuno ndilembe chani?

Dzina lonse la wolandira monga lilili pa chiphaso chake cha unzika, chifukwa pokatenga amafunsa chiphaso. Dzina la pa Facebook kapena loti Make Junior silithandiza, ndipo ngati akatenge ndi munthu wina lembani dzina la ameneyo kuyambira pachiyambi. Kenako nambala ya foni, ndipo ine ndimati ziwiri, ya Airtel ndi ya TNM ngati ali nazo, kapena ya m'bale wake. Kuno phasulo imayenda ndi foni kuposa keyala, ikafika amaimba kapena kutumiza meseji, ndiye nambala imodzi ikalakwika katundu amangokhala pa shelefu. Werengani manambalawo akwane 10, ndipo muwakope kuchokera pa meseji yomwe kasitomala walemba yekha, osati yomwe wakuuzani pakamwa muli mu minibasi.

Dzina la tauni lilembedwe lonse ndi zilembo zikuluzikulu. Zidule zija timazikonda, KK, KU, KA, koma wosanja katundu usiku akuthamanga, KU ya Kasungu ndi KA ya Karonga zikusiyana chilembo chimodzi ndipo dzanja likakhala lokhotakhota katundu wapita kwina. Mchinji ndi Machinga, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, lembani zonse bwinobwino. Mumzinda momwe kampani ili ndi maofesi angapo tchulani ofesi yake, Blantyre payokha sikukwana ngati munthu akufuna kukatengera ku Limbe. Ngati ndi zokasiya pakhomo onjezani dera ndi chizindikiro chodziwika, monga Area 25, sekita yakuti, kuseri kwa sukulu yakuti, geti lobiriwira.

Zanu inu wotumiza zikhale pakona ya kumanzere pamwamba, zing'onozing'ono, dzina ndi foni. Zikakula mofanana ndi za wolandira pamakhala chisokonezo, phasulo imatha kubwerera komwe yachokera. Lembani ndi maka yosafufutika, bolopeni pa katoni sioneka ndipo ikanyowa yatha.

Nanga ya kunja ikusiyana pati?

Kunja keyala ndiye mwini nkhani. Pamafunika nambala ya nyumba, dzina la msewu, dera, mzinda, positikhodi ndi dziko. Positikhodi ya ku South Africa imakhala manambala anayi, ya ku UK imasakaniza zilembo ndi manambala, ndipo ikapanda kugwirizana ndi mzinda kompyuta imakana kutulutsa lebo kapena katundu amapita depoti yolakwika. Muuzeni kasitomala alembe keyala yonse pa meseji inu mungokopa, musakonze kalembedwe kake poganiza kuti walakwitsa. Abale athu ambiri ku Joni amakhala m'mafulati kapena m'zipinda za kuseri, ndiye funsani nambala ya fulati ndi dzina la nyumbayo, apo ayi dalaivala amafika pa geti n'kubwerera.

Makampani othamanga ngati DHL amafuna keyala ya pakhomo, P.O. Box ndi ya a positi. Foni ilembedwe ndi khodi ya dziko, +27 ku South Africa, +44 ku UK, yanu +265, ndipo 0 woyamba uja amachoka. Imelo ya wolandira muikenso chifukwa uthenga wa msonkho umadzera kumeneko.

Pa fomu pomwe amafunsa za mkati, ndingolemba kuti zovala kapena mphatso?

Ayi chonde. Apa ndi pomwe katundu wambiri wa kunja amaima. Mawu ngati "gift", "clothes", "samples", "goods" sauza kanthu wa kasitomu woona za msonkho. Iye akufuna adziwe kuti ndi chani, chopangidwa ndi chani, zingati, mtengo wa chimodzi ndi zingati, chapangidwa dziko liti. Mayi wathu uja alembe chonchi:

```
6 x women's handbags, cotton fabric
HS 4202.22   Origin: Malawi
```

kenako mtengo wa chikwama chimodzi, mtengo wa zonse, ndi mtundu wa ndalama, kaya USD kaya ZAR, osangolemba nambala yopanda dzina. HS ija ndi nambala yomwe pafupifupi maiko onse amagwiritsa ntchito posanja katundu pa msonkho, manambala 6 oyamba amafanana paliponse, ndipo 4202.22 ndi ya zikwama za m'manja zomwe kunja kwake ndi nsalu kapena pulasitiki. Mukapeza ya katundu wanu kamodzi isungeni, muzingoibwereza.

Ku positi fomu yake ndi CN22 pa tinthu tating'ono totchipa ndi CN23 pa katundu wokulirapo kapena wodula. Ku makampani othamanga mumapereka invoyisi ya malonda. Ngati mwagulitsa chongani kuti ndi malonda. Kasitomala ena amachonderera kuti lembani mphatso kapena tsitsani mtengo kuti ndisalipire msonkho, koma a kasitomu akatsegula n'kupeza zikwama 6 zofanana zili ndi mitengo yake katundu amagwidwa, ndipo akasowa pa njira chipukuta misozi chimawerengedwa pa mtengo womwe munalemba inu nomwe. Kulemera ndi chiwerengero cha pa invoyisi zifanane ndi za pa lebo. Ndipo mugwirizane ndi kasitomala musanatumize kuti msonkho wa uko alipira ndani, chifukwa akaukana katundu amabwerera ndipo ndalama yobwezera imagwera inu.

Ndasindikiza lebo koma akuti bakhodi sikuwerengeka. Chalakwika n'chani?

Kawirikawiri ndi chimodzi mwa izi. Pulinta yachepetsa kapena kukulitsa lebo, ndiye posindikiza sankhani "Actual size" kapena 100%, osati "Fit to page". Malebo ambiri ndi a mainchi 4 ndi 6, pafupifupi 10 ndi 15 sentimita, amakwana bwinobwino pa A4. Musasindikize kuchokera pa sikirinishoti kapena chithunzi chomwe chadutsa pa WhatsApp, mizere imafufutika, tengani PDF yeniyeniyo. Inki ikamatha pamatuluka timizere toyera todutsa mu bakhodi, yang'anani musanachoke pa kafe, ngati mizere yakudayo ikuoneka yotuwa kapena yodukaduka asindikizenso.

Kamatidwe nakonso. Lebo ikhale pa mbali yaikulu yosalala, isapindikire pakona, isakhale pa mzere pomwe zivundikiro zikumana chifukwa pamenepo ndi pomwe amadula akafuna kuona mkati. Selotepi yonyezimira pamwamba pa bakhodi imabweza kuwala kwa makina, makamaka ikachita makwinya, ndipo pa mapepala a pulinta yotentha aja ngati a malisiti selotepi imatha kufufuta zolembazo. Matani m'mbali zinayi bakhodi muisiye, kapena pemphani kathumba koonekera ka a kuriya. Nthawi ya mvula kathumbako n'kofunika kwambiri chifukwa inki ya pulinta wamba ikadontheredwa imayenderera.

Katoni ziwiri, malebo awiri, iliyonse ndi nambala yake. Osafotokopa lebo imodzi n'kumata pa zonse. Ndipo mkati mwa katoni iliyonse ponyanimo pepala lina lokhala ndi dzina, foni ndi keyala, kuti lebo ya kunja ikang'ambika adziwebe mwini wake.

Katoni yakale ya ku golosale amalola?

Amalola ngati ili yolimba, youma, makona ake ali bwino. Ikanikizeni ndi dzanja, ikabonyoka musaitenge, pamwamba pake padzasanjikidwa makatoni ena. Chotsani kapena detsani ndi maka malebo onse akale ndi mabakhodi, chifukwa makina akawerenga yakaleyo katundu asochera. Chenjerani kwambiri ndi makatoni omwe munali mowa, mankhwala ophera tizilombo, penti kapena mabatire, aja ali ndi chizindikiro cha dayamondi chokhala ndi moto. Ngakhale mkati muli zitenje zokha, wa pa kauntala akaona chizindikirocho amakana.

Matani ndi tepi yotambalala ya makatoni, mzere wapakati ndi m'mbali zonse ziwiri ngati chilembo H, pamwamba ndi pansi pomwe. Tepi ya magetsi, ya pepala kapena kaselotepi ka ku ofesi sizigwira. Zingwe ndi malamba a mphira kunja kwa katoni zimakola m'makina a ku depoti za kunja. Mukamata igwedezeni, mukamva kugubuduka mkati ndiye kuti mwatsala malo. Koma ngati mukupita nayo nokha ku kauntala funsani kaye, ambiri amafuna aone mkati musanamate, ndiye tengani tepi yanu mukamatire komweko ndipo muyezetsenso.

Ndi zinthu ziti zomwe amakana ngakhale lebo ili bwino?

Zomwe zimagwira ogulitsa ang'onoang'ono kwambiri ndi pefyumu, kyuteksi ndi mankhwala ochotsera kyuteksi, zopopera za m'zitini monga sipule ya tsitsi ndi ya m'khwapa, sanitaiza, malaita ndi machesi. Zonsezi zimayaka ndipo pa ndege zili m'gulu la katundu woopsa. Mabatire a lithiyamu nawonso, makamaka pawabanki ndi batire yomwe ili payokha. Foni yomwe batire ili mkati ili ndi malamulo ofewerapo koma muyenera kunena. Musabise pakati pa zovala, katundu wa ndege amadutsa pa makina ounika ndipo kabotolo kamodzi kamaimitsa katoni yonse. A pamsewu a m'dziko muno ena amanyamula zina mwa izi, koma nenani poyera pa kauntala.

Zamadzimadzi monga uchi, mafuta odzola ndi tsabola wa m'botolo, matani chitsekero ndi tepi, ikani mu pulasitiki womanga bwino, kenako zokutetezera. Botolo limodzi likadontha limaononga katundu wa anthu ena ndiye akaona katoni yonyowa pansi sailandira.

Zakudya zopita kunja ndi nkhani ina. Abale akunja amalakalaka usipa, mpunga wa Kilombero, ufa, nyemba, chambiko, koma dziko lililonse lili ndi malamulo ake pa nsomba, nyama, mkaka, mbewu ndi zomera, ndipo za kumunda zambiri zimafuna chikalata cha a zaulimi chotsimikiza kuti zilibe tizilombo. Apa funsani a kuriya za dziko lenilenilo musanalandire ndalama ya kasitomala, kubweza ndalama yomwe mwagulira kale katundu n'kopweteka.

Ku positi kuli malire a kukula?

Alipo. Kaphukusi kakang'ono kopita kunja, kamene kamayenda ngati kalata, kamathera pa 2 kilo, ndipo mulitali, mulifupi ndi msinkhu mukaziphatikiza zisapyole 90 sentimita, mbali yaitali isapyole 60. Katoni ya mayi uja ya 35, 25 ndi 15 ikukwana 75, pa kukula yalowa, koma pa kulemera yapyola 2 kilo ndiye ipita ngati phasulo wamba kapena pa EMS, njira yothamanga ya a positi, mitengo yake ndi ina. Nthawi zina kugawa katundu pawiri kumatchipa, nthawi zina ayi, funsani mitengo yonse iwiri muwerengere.

Ndikapereka katundu ndisunge chani?

Risiti kapena weyibilu yokhala ndi nambala yolondolera. Ya ku positi yopita kunja imakhala ndi zilembo ndi manambala 13, imathera ndi MW, ya EMS imayamba ndi E. Musanachoke pa kauntala werengani zomwe kalaliki walemba, dzina, foni, tauni ndi makilo, chifukwa iyenso amakopa kuchokera pa dzanja lanu ndipo kukonza pompo n'kosavuta kusiyana ndi katundu atakwera kale galimoto.

Jambulani zithunzi: katundu ali mkati musanatseke, katoni ili pa sikelo manambala akuoneka, tepi yoyezera ili pa mbali zonse zitatu, ndi lebo itamatidwa. Akadzakutchajani makilo ochuluka kapena kasitomala akadzati munatumiza zisanu osati 6, umboni wanu ndi umenewo, ndipo madandaulo amakhala ndi masiku ake ochepa ndiye musachedwe nawo. Chithunzi cha risiti mutumizireni kasitomala tsiku lomwelo pamodzi ndi dzina la ofesi yokatengera, mumuuzenso kuti foni ikhale yoyatsa ndipo asaiwale chiphaso.

Ngati mumagulitsa zinthu zomwezomwezo, sankhani makatoni a masaizi awiri kapena atatu, muyeze kamodzi, mulembe mu kope kuti zikwama ziwiri mu katoni yaing'ono ndi makilo akuti, 6 mu yapakati ndi makilo akuti. Kasitomala akafunsa mtengo wotumizira mumangotsegula kope n'kumuyankha, koma katoni iliyonse muziiyezabe mukamata chifukwa nsalu zina n'zolemera kuposa zinzake.